Mapepala a ku Malawi ndi a ku Zambia m'envulopu imodzi: chidindo cha apositili tichipeza kuti?

NaPhiri wa ku Kapata: Mwaswera bwanji nonse. Mwana wa achemwali anga wapeza malo a sukulu ku Spain. Anabadwira ku Mchinji, ndiye setifiketi yobadwira ndi ya ku Malawi, koma Giredi 12 analembera kuno ku Chipata. M'kalata ya sukulu alemba kuti mapepala onse akhale ndi apositili kapena atsimikizidwe kudzera kwa kazembe. Akufuna setifiketi yobadwira, ya Giredi 12 ndi kalata ya kupolisi. Ofesi yodinda apositili kuno ili pati? Kapena ndi ku Lusaka basi?

Mabvuto Tembo: Pitani nazo ku khoti kapena kwa loya aliyense m'tauni, komishonala wa malumbiro adinda lero lomwe. Musavutike ndi Lusaka amayi.

aJere: Ayi aTembo, chidindo cha komishonala wa malumbiro chimagwira ntchito muno m'dziko, pofunsira ntchito kapena malo a koleji. Mlembi wa sukulu ku Spain sachidziwa.

Amayi NaPhiri, poyamba dziwani ichi: ku Zambia kulibe ofesi yodinda apositili, ngakhale ku Lusaka. Apositili ndi chidindo chimodzi chotsimikizira pepala la boma lopita kunja, ndipo inabwera ndi pangano la maiko limene linasainidwa ku Hague pa 5 Okutobala 1961, n'kuyamba kugwira ntchito mu 1965. Maiko oposa 120 ali m'panganoli. Zambia simo. Malawi alimo kuyambira 1967, Spain nayo ilimo. Choncho envulopu yanu muigawe pawiri. Setifiketi ya ku Malawi ikadindidwa apositili ku Malawi komweko, kamodzi kokha, n'kutha. Mapepala awiri a ku Zambia ayenda njira yakale, yodutsa maofesi atatu. N'chifukwa chake sukuluyo yalemba kuti "kapena": ikulankhula ndi ophunzira a maiko onse nthawi imodzi.

NaPhiri wa ku Kapata: Zikomo aJere. Njira yakaleyo imayenda bwanji? Fotokozani ngati mukuuza munthu amene sanaiyendepo.

aJere: Ganizo lake ndi limene timalidziwa kumudzi. Kalata ya anyakwawa ku boma saidziwa, koma amfumu aakulu amadziwa dzanja la anyakwawa awo, ndipo ku boma amadziwa chidindo cha amfumu aakulu. Aliyense amachitira umboni saini ya munthu amene akumudziwa, mpaka pepala lifike kwa wolifuna.

Tiyeni titenge setifiketi ya Giredi 12. Yoyamba ndi ofesi imene inaitulutsa, kapena imene ili pamwamba pake: bungwe la mayeso la ECZ litsimikize kuti zotsatirazo ndi zake. Kenako mupita ku Unduna wa za Kunja ku Lusaka. Iwo sayang'ana ngati mwana anakhoza masamu. Amayerekeza saini ndi chidindo zimene zili papepala ndi zitsanzo zimene amasunga, zikafanana amadinda chawo. Chomaliza ndi ofesi ya kazembe wa dziko limene pepala likupita, imene imachitira umboni chidindo cha unduna wathu. Apa pali chokhumudwitsa pang'ono: Spain ilibe ofesi ya kazembe ku Lusaka, za Zambia ndi Malawi zimaonedwa ndi kazembe wawo wa ku Harare. Alembereni musanayambe chilichonse, akuuzeni mmene amalandirira mapepala ochokera kuno.

Kalata ya kupolisi nayo ndi chimodzimodzi. Zidindo za zala, kalata ituluke, ipite ku unduna, kenako kwa kazembe. Osalumpha sitepe. Mukapita kwa kazembe chidindo cha unduna palibe, akubwezani, chifukwa kazembe sasunga chitsanzo cha saini ya wapolisi kapena ya mkulu wa mayeso. Amadziwa ya unduna yokha.

Chikondi M.: Koma inu, Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, pomwe Lilongwe ndi pamphuno pompa mukangodutsa pa Mwami. Bwanji osangonyamula zonse zitatu n'kukadinditsa apositili ku Lilongwe? Ndamva kuti ena amatero.

Mayi Lungu: Amaterodi, koma taonani zimene amagula. Apositili imadindidwa ndi dziko limene pepala linachokera, osati dziko lina. Ofesi ya ku Malawi singachitire umboni saini ya mkulu wa ECZ, ilibe chitsanzo chake ndipo ilibe mphamvu imeneyo. Zimene amachita anthuwo n'zakuti amapanga fotokope, loya wotsimikizira mapepala opita kunja, amene amati notale, wa ku Malawi n'kusaina kuti fotokopeyo ikufanana ndi pepala limene waonetsedwa, ndiyeno apositili imaikidwa pa saini ya notaleyo. Chidindocho n'chenicheni, koma chikunena za notale, sichikunena kanthu za setifiketi ya Giredi 12.

Ndipo wolandira amazindikira msanga. Apositili ili ndi mizere khumi ya manambala, yofanana kulikonse. Mzere woyamba ndi dzina la dziko, wachiwiri ndi amene anasaina pepala, wachitatu ndi udindo wake, wachinayi ndi chidindo chimene chili papepalalo. Otsalawo ndi malo, tsiku, amene wadinda, nambala, chidindo ndi saini yake. Ndiye mlembi wa ku Spain akawerenga mzere woyamba akuona Malawi, wachitatu akuona notale, pomwe setifiketi yalembedwa Zambia pamwamba, nkhani yathera pomwepo. Ena amalandira, koma ofesi yosamala imakana, ndipo mumadziwa mochedwa mwana ali kale pa mzere wa viza.

Chikondi M.: Ohoo. Ndiye kuti apositili sitsimikiza kuti zimene zalembedwa m'pepala n'zoona?

Mayi Lungu: Sitsimikiza. Imanena zinthu zitatu zokha: saini ndi yeniyeni, wosainayo anali ndi udindo umene akunena, chidindo n'cha ofesiyo. Digiri ya koleji ya m'thumba, imene boma silinaivomereze, ingathe kukhala ndi apositili yabwinobwino pa saini ya notale. N'chifukwa chake kuyeza maphunziro ndi ntchito ina. Kuno ZAQA ndiyo imaona ngati pepala la kunja likufanana ndi la kwathu, ku South Africa ndi SAQA. Sukulu ya ku Spain ikalandira zidindo zonse ikhozabe kufuna kuti Giredi 12 iyezedwe ndi unduna wa maphunziro wa kumeneko. Amayi NaPhiri mufunsenso zimenezo, musaganize kuti zidindo zatseka nkhani yonse.

aNgoma Katete: Ine ndikuona ngati mukuopseza anthu. Maiko a Commonwealth safuna zonsezi. Ana angati achoka kuno kupita ku UK kukagwira unamwino popanda chidindo cha unduna? Ndi maiko a ku Ulaya okha amene amakonda mapepala.

aJere: ANgoma mwalasa theka. N'zoona kuti ku UK maofesi ambiri safuna zidindozi, koma chifukwa chake si Commonwealth. Ndi kachitidwe kawo. Bungwe la anamwino la kumeneko limafuna umboni wochokera ku bungwe la anamwino la kuno mwachindunji, silidalira chidindo chimene mwini wake wanyamula m'chikwama. Kumeneko pepala limalandiridwa, akalikayikira amafufuza kwa amene analitulutsa. Maiko ngati Spain, Italy ndi Portugal malamulo awo anayenda njira ina. Kwa iwo pepala la boma lili ndi mphamvu yaikulu, likalowa m'kaundula wa ukwati kapena wa kubadwa limatengedwa ngati choonadi mpaka khoti litanena zina. Ndiye asanalilowetse amafuna umboni wa gwero lake. Mlembi sapatsidwa ufulu wonena kuti "likuoneka labwino".

Ndipo si Ulaya yekha. China imafuna, maiko a Aluya amafuna kwambiri. Wopita kukagwira ntchito ku Dubai amayenda njira yonse ya zidindo, akafika kumeneko unduna wawo wa za kunja umadindanso pamwamba, chifukwa UAE nayo sili m'pangano. Komanso m'dziko limodzi lomwelo maofesi amasiyana. Ku South Africa yunivesite ina ingangofuna fotokope yotsimikizidwa ndi kalata ya SAQA, pomwe khoti kapena ofesi ya za malo ifuna zambiri. Amene amalamula ndi ofesi yolandira pepala, osati dzina la dziko lokha.

Mayi Lungu: Ndiwonjezerepo pamenepo. Panganolo silikakamiza dziko lililonse kufuna apositili. Limangoika malire: maiko awiri akakhala onse m'pangano, wolandira sangafune zoposa apositili. Akafuna zochepa, kapena osafuna kanthu, ndi ufulu wake. Maiko a mu EU anagwirizana okhaokha kuti kuyambira mu Febuluwale 2019 mapepala ngati a kubadwa ndi a ukwati aziyenda pakati pawo popanda apositili n'komwe. Choncho pali magulu atatu: ofuna mzere wonse wa zidindo, ofuna apositili yokha, ndi osafuna kanthu. Pepala limodzi lomwelo lingagwe m'gulu lililonse malinga ndi kumene lachokera ndi kumene likupita.

aNgoma Katete: Chabwino, koma ine ndikanali pomwepo kuti ambiri opita ku UK asataye ndalama pa zidindo zimene palibe wawafunsa.

aJere: Pamenepo tili limodzi. Osadinditsa musanaone kalata yonena chimene akufuna.

Yohane wa pa Mwami: Nanga mapepala a galimoto ndi a katundu amene timadutsa nawo pa boda, nawonso tidzayamba kufunsidwa apositili tikalowa ku Malawi? Ine ndimanyamula soya ndi mtedza.

Mayi Lungu: Ayi achimwene, zanu zili kwina. Panganolo linapatula mapepala a maofesi a boma okhudza mwachindunji malonda ndi kasitomu, komanso mapepala olembedwa ndi akazembe. Za pa boda zimayenda ndi malamulo a kasitomu. Pasipoti nayo siidindidwa apositili, imadziimira yokha.

NaPhiri wa ku Kapata: Tibwerere kwa ine pang'ono. Ya ku Malawi ija tikaipereka kuti? Ndipo setifiketiyo ndi yakale, tinaimata pulasitiki kuti isang'ambike.

aJere: Dziko lililonse limatchula maofesi ake odinda, ndipo mndandanda uli pa hcch.net, webusaiti ya bungwe la ku Hague loyang'anira panganoli, pansi pa dzina la dziko. Mwa amene Malawi anatchula muli ofesi ya Registrar General ndi mlembi wamkulu wa khoti lalikulu. Imbani kaye mufunse kuti ndi iti imene ikudinda mapepala a kubadwa masiku ano, musanakwere galimoto.

Za pulasitikizo ndiye vuto. Maofesi ambiri amakana pepala lomatidwa, chifukwa sangakhudze chidindo chofinya kuti aone ngati n'chenicheni, ndipo inki sigwira pa pulasitiki. Musayese kumatula ndi simbi kapena lezala, zilembo zimachoka ndi pulasitikiyo. Kapempheni setifiketi yatsopano ku NRB, amene ndiwo akulemba za kubadwa ku Malawi tsopano. Zimenezi zikuthandizaninso pa vuto lina limene anthu saliganizira: pepala lakale linasainidwa ndi munthu amene mwina anapuma ntchito kalekale, ndipo ofesi yodinda ikapanda kupeza chitsanzo cha saini yake, singadinde. Latsopano limakhala ndi saini ya amene ali pampando lero.

Mukailandira apositiliyo muione musanatuluke pakhomo. Pamwamba payenera kukhala mutu wa Chifalansa, ngakhale zina zonse zili m'Chingelezi: Apostille (Convention de La Haye du 5 octobre 1961). Chitsanzo cha m'pangano ndi bokosi la mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse yosachepera masentimita 9. Imadindidwa papepala lenilenilo kapena pa kapepala kena komangiriridwa. Ngati amanga ndi sitepulo, kansalu kapena chidindo chodutsa mapepala onse awiri, musamasule pofuna kupanga fotokope. Mabowo awiriawiri a sitepulo amaonetsa kuti pepala linachotsedwapo, ndipo wolandira ali ndi chifukwa chokanira. Mzere wachisanu ndi chitatu, wa nambala, usakhale wopanda kanthu, chifukwa ofesi yodinda imasunga kaundula ndipo wolandira akakayika amafunsa ndi nambala imeneyo.

Esnart Z.: Chimene chimagwetsa ambiri kuno kwathu ndi maina, osati zidindo. Mwana wobadwira tsidya lina n'kuphunzira tsidya lino kawirikawiri amakhala ndi maina awiri. Pa setifiketi yobadwira Chisomo Mbewe, pa ya Giredi 12 Grace Mbewe, pa pasipoti Grace C. Mbewe. Kapena tsiku lobadwa linasintha polembetsa Giredi 7. Unduna udinda, kazembe adinda, chifukwa iwo amaona saini basi. Amene adzakane ndi womaliza, ndalama zonse zitapita. Yalani mapepala onse patebulo lero, pamodzi ndi reji ndi pasipoti, muwerenge chilembo ndi chilembo. Ngati pali kusiyana, mufunika afidaviti, kalata ya malumbiro yonena kuti ndi munthu mmodzi, ndipo ya kunja ikalumbiridwe kwa notale, osati kwa komishonala wa malumbiro chabe. Si loya aliyense amene ndi notale, funsani musanalipire. Afidavitiyo nayo ndi pepala la ku Zambia, ndiye iyenda mzere wonse uja, unduna ndi kazembe.

Mabvuto Tembo: Ndiye akayambe ndi kupolisi, poti zala zimachedwa kutuluka.

Esnart Z.: Mosamala aTembo. Apositili ndi zidindo zinazi sizitha ntchito, koma pepala lapansi pake limakalamba. Kalata ya kupolisi olandira ambiri amaifuna yosapitirira miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo amawerenga kuchokera tsiku limene apolisi anasaina, osati tsiku la chidindo chomaliza. Mukaitenga msanga, n'kudikira ECZ, n'kudikira ku Harare, idzafika itatha. Yambani ndi zosakalamba: setifiketi yatsopano ya ku Malawi, chitsimikizo cha ECZ, afidaviti ngati ikufunika. Ya kupolisi muitenge pamene zinazo zatsala pang'ono, kuti za ku Zambia zilowe ku unduna ulendo umodzi.

Kumasulira kubwere pomaliza penipeni. Spain imafuna womasulira wolumbira amene unduna wawo unamuvomereza, ndipo amamasulira pepala pamodzi ndi zidindo zonse zimene zilipo. Mukamasulitsa poyamba, zidindo zobwera pambuyo sizikhala m'kumasulirako, mulipira kawiri. Opita ku Tete kapena ku Maputo, Mozambique nayo sili m'pangano, ndiye ndi mzere wonse kuwonjezapo Chipwitikizi.

Dalitso ku Joni: Moni akuluakulu. Langa ndi lotembenuza. Ndili ku Johannesburg, ndikufuna kupatsa mng'ono wanga mphamvu yogulitsa puloti yanga ku Chipata. Loya wa kuno akuti andiikira apositili. Ikwanira?

aJere: Muuzeni loyayo kuti pepala likupita ku Zambia. South Africa ili m'pangano kuyambira 1995, ndiye iwo anazolowera, koma pangano limagwira pokhapokha maiko onse awiri ali mkati. Kuno chimene chimalamula ndi lamulo lathu la Authentication of Documents Act, chaputala 75, lonena mmene pepala losainidwa kunja liyenera kutsimikizidwira lisanagwire ntchito muno. Ku South Africa, pa maiko amene sali m'pangano, njira yodziwika ndi iyi: musaine pamaso pa notale, mlembi wa khoti lalikulu atsimikize notaleyo, unduna wawo wa za kunja, DIRCO, uike kalata yake yotsimikiza, kenako ofesi ya kazembe wa Zambia ku Pretoria.

Mayi Lungu: Apa ndisiyana nanu pang'ono aJere. Lamulo lija ndi lakale, la nthawi ya atsamunda, ndipo limagawa maiko m'magulu. Kwa maiko ena saini ndi chidindo cha notale zokha zimakwana. Mzere wonsewo ungakhale woposa zofunika.

aJere: Papepala mwina n'zoona. Koma pa nkhani ya malo, wogula ndi loya wake ndi amene amakana, ndipo pepala lopereweza lingadzagwetse malonda m'khoti patapita zaka. Kupitirira kuli bwino kusiyana ndi kupereweza.

Mayi Lungu: Kupitirira kumadya ndalama ndi masabata. ADalitso, loya wa kuno amene adzalembe za kusintha umwini ndiye akulembereni pepalalo ndi kukuuzani zidindo zimene akufuna, inu mukangosaina kumeneko. Musayambire ku Joni.

Chikondi M.: Funso limene likundisowetsa mtendere: Malawi analowa 1967, Botswana, Namibia, Lesotho, Eswatini alimo. Ife tikudikira chiyani?

aNgoma Katete: Ndalama za zidindo, basi. Ndani angasiye?

Mayi Lungu: Sindikugwirizana nazo kwenikweni. Dziko likalowa limalipiritsabe pa apositili iliyonse. Amene amataya ndi maofesi a akazembe. Kulowa kumafuna kusintha lamulo, kutchula maofesi odinda, ndi kusunga kaundula woti wakunja akafunsa ayankhidwe. Ndipo si ife tokha: Zimbabwe, Tanzania, Kenya ndi Mozambique nawonso ali kunja. Ngakhale maiko aakulu anachedwa, China inayamba mu Novembala 2023, Canada mu Januwale 2024. Rwanda inayamba mu 2024 momwemo.

Dziwaninso kuti kulowa sikutsegula makomo onse. Dziko latsopano likalowa, amene ali kale mkati amapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yoti akane, ndipo wokanayo pangano siligwira pakati pa iye ndi watsopanoyo. Germany inakana India motero, ngakhale India analowa mu 2005. Zimatengera ngati akukhulupirira makaundula a dzikolo. Ndiye poona pa hcch.net musangoona kuti maina onse awiri alipo, onaninso ngati pali chikano pakati pawo.

Chikondi M.: Ndiye mwana wa ku Mchinji wopita ku China lero angodinditsa kamodzi, wa ku Chadiza ayende maofesi atatu ku Lusaka.

aJere: Malinga ndi kumene pepala linatuluka, osati kumene munthu akukhala kapena pasipoti imene ali nayo. M'Zambia amene anaphunzira ku Lilongwe, digiri yake ipeza apositili. M'Malawi amene anakwatira ku Chipata, setifiketi yake ya ukwati iyenda njira ya ku Lusaka.

NaPhiri wa ku Kapata: Tayala mapepala patebulo monga ananenera aEsnart. Tsiku lobadwa likufanana ponse, koma pa ya ku Malawi pali dzina lapakati limene pa ya ECZ palibe. Afidaviti tikalumbire kuno kapena ku Malawi, poti kumeneko ingapeze apositili mosavuta?

Esnart Z.: Funso labwino. Afidaviti ndi pepala latsopano, ndiye ikalumbiridwa kwa notale wa ku Malawi ndi pepala la ku Malawi, apositili yake ndi yoyenera ndithu. Sizikufanana ndi za fotokope zija. Poti mukupitako kale kukatenga setifiketi, zingakuchepetsereni chidindo chimodzi cha ku Harare.

aJere: Mwalamulo aEsnart akunena zoona. Koma kusiyanako kuli pa pepala la ku Zambia, ndipo olandira ena amafuna kuti amene analitulutsa ndiye anenepo. Tumizani zithunzi za mapepala onse awiri ku sukuluyo ndi kwa kazembe, muwafunse ngati dzina lapakati losowa likufuna afidaviti n'komwe, ndipo ngati likufuna, ya dziko liti. Yankho likhale lolemba, mulisindikize, muliike m'envulopu momwemo.